Mota Yomva Pomwe Yafika: Mmene Sevo Imagwirira Ntchito ndi Katchunidwe Kake

Makina osema matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta akamalemba duwa pachitseko, mpeni wake umakhota, kuima ndi kunyamukanso kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo ukamaliza umabwerera pamalo enieni pomwe unayambira. Mota wamba ya pachigayo kapena pampope wa madzi singachite zimenezi. Iyo mukaipatsa magetsi imangozungulira, ndipo sidziwa kuti yazungulira kangati. Mota ya sevo imasiyana ndi inzakeyo pa chinthu chimodzi: kumbuyo kwake kuli kachipangizo kotchedwa enkoda, komwe kamauza kompyuta nthawi zonse pomwe shafuti yafika. Kompyuta imayerekeza malo amenewo ndi malo omwe inalamula, n'kuwonjezera kapena kuchepetsa magetsi. Lamulo limapita, yankho limabwera, ndipo kuzungulira kumeneku kumachitika ka 1,000 pa sekondi imodzi m'makina ambiri.

Vuto limagona pa funso lakuti: mota ikatsalira kapena ikapitirira, tiikankhe mwamphamvu bwanji? Yankho lili m'manambala atatu omwe pasikirini amalembedwa `Kp`, `Ki` ndi `Kd`. Amisiri ambiri amawakopera kwa anzawo kapena kuwasintha mwachisawawa mpaka phokoso litachepa. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kutaya nthawi, chifukwa nambala iliyonse ili ndi ntchito yake, ili ndi chizindikiro chake ikachuluka, ndipo pali ndondomeko yoipezera.

Tiyambe ndi enkoda, poti kompyuta ilibe maso ena. Mkati mwa enkoda yofala muli kambale kagalasi kapena kachitsulo kopyapyala komwe kamazungulira limodzi ndi shafuti. M'mphepete mwa kambaleko muli timizere tambirimbiri, tina tolola kuwala kudutsa, tina totchinga. Mbali imodzi kuli kanyali, mbali inayo kuli timaso tiwiri tomva kuwala, totchedwa `A` ndi `B`. Timasoti anatiika mosemphana pang'ono, moti kambale kakamazungulira kulowera kumanja `A` ndiye amayamba kuona kuwala, ndipo kakabwerera amayamba ndi `B`. Apa ndi pomwe kompyuta imadziwira mbali yomwe mota ikulowera. Komanso kaso kalikonse kamayaka ndi kuzima kamodzi pa kamzere kalikonse, ndiye timaso tiwiri timapereka zizindikiro zinayi. Enkoda ya timizere 1,000 imagawa kuzungulira kumodzi m'tizigawo 4,000.

Tsopano tiyerekeze makina omwe tikhale nawo mpaka kumapeto kwa nkhaniyi. Mota yathu ili ndi enkoda ya timizere 1,000, ndipo ikuzunguza sikuluwu yaitali yomwe imasuntha tebulo mamilimita 5 ikazungulira kamodzi. Ndiye kuti milimita imodzi ndi tizigawo 800, ndipo kachigawo kamodzi ndi mamilimita 0.00125. Pakati pa kompyuta ndi mota pali bokosi lopereka mphamvu, lomwe amisiri amalitchula kuti dilaivi. Lathuli limalandira lamulo la kuchuluka kwa maampu, ndipo silingapitirire maampu 8. Maampu akachuluka, mphamvu yopotokola shafuti imachulukanso mofanana. Tebulo nalo lili ndi kuuma kwake chifukwa cha kukhulana kwa zitsulo: tinene kuti silisuntha mpaka mota italandira maampu 0.4.

Musanakhudze nambala iliyonse, zimitsani mphamvu ya mota koma musiye enkoda ikuwerenga. Lembani chizindikiro pashafuti ndi cholembera, muizunguze kamodzi ndi dzanja. Sikirini ionetse 4,000, ndipo mukaibwezera ibwerere pa 0. Ikamabwerera pa 7 kapena pa 12, pali tizigawo tomwe tikutayika kapena kulowerera panjira. Kawirikawiri chimachititsa ndi waya wa enkoda yemwe wagonekedwa limodzi ndi mawaya a mphamvu, kapena kachilumikizo ka shafuti komwe kakuterereka. Kenaka perekani maampu ochepa olowera kutsogolo, muone ngati chiwerengero chikukwera. Chikamatsika, mawaya `A` ndi `B` asemphana. Mukatseka mzungulire zili choncho, kompyuta imaona ngati mota ikuthawa, imaikankha kwambiri, ndipo kukankhako kumaithawitsa zenizeni mpaka tebulo litakamenya kumapeto. Zimenezi zimachitika pasanathe sekondi. N'chifukwa chake poyesa koyamba tebulo liyenera kukhala pakati, malire a maampu atsitsidwe, ndipo dzanja likhale pabatani lozimitsira.

Maganizo a manambala atatuwa ndi akale kuposa makompyuta. Mu 1922, katswiri wina wobadwira ku Russia, Nicolas Minorsky, analemba za chiwongolero chodziyendetsa chokha cha sitima za pamadzi za asilikali a ku America. Iye anaonetsetsa mmene woyendetsa sitima waluso amachitira. Munthuyo amayang'ana kukula kwa mpata pakati pa komwe sitima yaloza ndi komwe ikuyenera kuloza, amakumbukira kuti mpatawo wakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndiponso amaona liwiro lomwe ukukulira kapena kuchepera. Njirayi inayesedwa pa sitima ya USS New Mexico mu 1923. Zinthu zitatu zomwezo ndi zomwe kompyuta yathu ikuwerengera pa milisekondi iliyonse:

```
e = target - position
integral = clamp(integral + Ki*e*dt, -1.0, 1.0)
u = Kp*e + integral + Kd*(e - e_old)/dt
u = clamp(u, -8.0, 8.0)
e_old = e
```

Apa `e` ndi mpata uja, wowerengedwa m'tizigawo, `dt` ndi masekondi 0.001, ndipo `u` ndi maampu opita ku mota.

Kutchuna kumayamba ndi `Kp` yokha, zinazo zili pa 0. Imeneyi imachulukitsa mpata womwe ulipo panopa. Ganizirani sipuling'i ya kumbuyo kwa njinga yamoto: mukaikanikiza kwambiri, nayo imakankha kwambiri pofuna kubwerera m'malo mwake. `Kp` ndiyo kulimba kwa sipuling'i yomwe ikukokera tebulo pamalo olamulidwa. Poyesa, lamulani tebulo kuti lidumphe pang'ono, tizigawo 200, omwe ndi mamilimita 0.25, ndipo muone girafu ya mpata pasikirini. Osadalira makutu okha. Mapulogalamu a madilaivi ambiri ali ndi poonetsera girafu, ndipo pulogalamu yaulere ya LinuxCNC ili ndi yake yotchedwa HAL Scope. Kudumphako kukhale kochepa dala, kuti maampu asafike pa malire, chifukwa dilaivi ikafika pa malire ake girafu imakhala ikukuuzani za malirewo osati za manambala anu.

Tikaika `Kp` pa 0.005, mpata wa tizigawo 200 ukupereka ampu imodzi. Tebulo likunyamuka mwaulesi, n'kukaima patali ndi pomwe tinalituma. Chifukwa chake n'chowerengeka. Mpata ukatsika kufika pa tizigawo 80, maampu amatsala 0.4, ndipo kuchokera pamenepo mota ilibenso mphamvu yonyamula tebulo lomwe laima. Likhoza kuima paliponse m'kati mwa tizigawo 80, omwe ndi mamilimita 0.1, kompyuta ikuona bwinobwino kuti silinafike koma osatha kuchitapo kanthu. Tikakweza kufika pa 0.01, malo okakamirawo amachepa kufika pa tizigawo 40. Pa 0.02 amatsala 20, omwe ndi mamilimita 0.025.

Koma pa 0.02 pakubuka vuto lina. Tebulo ndi lolemera, mota nayo ili ndi kulemera kwake, ndipo chinthu cholemera chikathamanga sichiima nthawi yomweyo. Likufika pamalo ake lili paliwiro, likupitirira ndi tizigawo pafupifupi 150, likukokedwa kubwerera, likupitiriranso mbali inayo, ndipo likutero kanayi kapena kasanu lisanakhazikike. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kutsitsa `Kp`. Musafulumire. Kugwedezeka kumeneku kuli ndi uthenga womwe mukuufuna. Yezani pagirafu nthawi yochokera pansonga imodzi kufika pansonga yotsatira ya mbali yomweyo. Pamakina athu ndi masekondi 0.125, kutanthauza kuti tebulo likupita ndi kubwera ka 8 pa sekondi. Lembani nambala imeneyi.

Chachiwiri ndi `Kd`, osati `Ki`, ngakhale kuti m'dzina la njirayi `I` ndiye ali pakati. Njinga ija ikanakhala ndi sipuling'i yokha bwenzi ikudumphadumpha ikangoponda dzenje. Chomwe chimaikhazika ndi shokabuzoba, yomwe imakana kuyenda kofulumira. `Kd` imachita chimodzimodzi. Siyang'ana kukula kwa mpata koma liwiro lomwe ukusinthira. Tebulo likamathamangira pamalo ake, mpata umachepa mofulumira, ndipo `Kd` imapereka maampu obweza m'mbuyo, kuyamba kumanga mabuleki tebulo lisanafike. Likaima, iyo ilibenso chonena.

Pa dilaivi yolandira lamulo la maampu ngati yathuyi, poyambira pabwino ndi apa:

```
Kd = Kp * T / 4
```

`T` ndi nthawi ija tinayeza. Ndiye 0.02 kuchulukitsa ndi 0.125, kugawa ndi 4, tikupeza pafupifupi 0.0006. Ikani theka lake poyamba, muone nsonga zikutsika, kenaka mukweze pang'onopang'ono. Mukafika pafupi ndi 0.0006 girafu imasintha maonekedwe: mpata umatsika mofulumira n'kukhazikika, osapitirira kapena kupitirira pang'ono chabe kamodzi kokha. Mukapitiriza kukweza, tebulo limayamba kukwawa likamayandikira malo ake.

Nthawi zambiri mota imayamba kudandaula musanafike n'komwe pokwawapo. Mumamva kulira kokhakhala, ngati muli mchenga m'mabering'i, ndipo mukagwira mota pakapita mphindi zingapo mumaipeza yatentha chonsecho sinagwire ntchito. Gwero lake ndi enkoda. Iyo sidziwa theka la kachigawo. Shafuti ikamayenda pang'onopang'ono, pa milisekondi ina chiwerengero sichisintha, pa yotsatira chimasintha ndi kachigawo kamodzi. Kwa kompyuta, kachigawo kamodzi pa masekondi 0.001 ndi liwiro la tizigawo 1,000 pa sekondi. Chulukitsani ndi 0.0006, mupeza maampu 0.6. Choncho kachigawo kamodzi kokha kakumenya mota ndi maampu oposa aja ofunika kusuntha tebulo lonse, ndipo kumenyako kukubwera mobwerezabwereza. Mankhwala ake alipo awiri. Oyamba ndi sefa ya m'pulogalamu, yomwe imasalaza liwiro potenga miyeso ingapo pamodzi. Koma sefa imachedwetsa uthenga, ndipo mabuleki ochedwa amabweretsanso kugwedezeka, ndiye isapitirire mamilisekondi ochepa. Achiwiri ndi enkoda ya timizere tambiri. Ya timizere 2,500 imapereka tizigawo 10,000, ndipo pa mabuleki ofanana kumenya kuja kumatsika kuchoka pa maampu 0.6 kufika pa 0.24.

Zikakhazikika, mukhoza kubwerera kukakweza `Kp` pang'ono, n'kuitsatiza ndi `Kd`, mpaka phokoso kapena kunjenjemera kutayamba. Pamenepo bwererani m'mbuyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Makina otchunidwa m'mphepete mwenimweni amayenda bwino tsiku lotchunalo, koma amadzanjenjemera girisi akatentha kapena katundu wa patebulo akasintha.

Tsopano tebulo likufika mwachangu komanso mwabata, komabe likuima litatsala pang'ono. Tinene kuti latsala tizigawo 12. `Kp` ikupereka maampu 0.24 okha, osakwana 0.4, ndipo `Kd` ili chete poti palibe chikuyenda. Apa ndi pomwe `Ki` imalowera. Iyo imasonkhanitsa mpata pakapita nthawi: malinga ngati mpata ulipo, imawonjezera maampu pang'onopang'ono osaleka. Tikaika 0.1, mpata wa tizigawo 12 umawonjezera maampu 1.2 pa sekondi. Maampu 0.16 omwe akuperewera amakwana pa masekondi pafupifupi 0.13, tebulo n'kusuntha kutseka mpatawo. Imeneyi ndiyonso imagwira mutu wolemera wa makina oyenda chokwera ndi chotsika kuti usamakhale utalendewera pansi pa malo ake.

`Ki` ndiyo yofunika kuisamala kwambiri, chifukwa imagwira ntchito ndi zakale. Pomwe mpata ukufika pa 0, maampu omwe yasonkhanitsa amakhala akadalipo, ndipo kuti achoke pamafunika mpata wa mbali inayo. Ikachuluka, tebulo limapitirira n'kubwerera mozengereza. Pamakina ouma mumaona china: tebulo limaima, maampu amakwera mwakachetechete, kenaka limadumpha n'kupitirira, limaimanso, n'kudumpha chobwerera, osakhazikika. Kugwedezeka kwa mtundu umenewu n'kochedwa kuposa kuja kwa `Kp`, ndipo kulibe kulira kokhakhala kwa `Kd`. Mukadziwa kusiyanitsa zitatuzi pagirafu ndi m'makutu, mumadziwa nambala yoyenera kuikhudza.

Ngozi yaikulu imabwera tebulo likatsekerezedwa. Tinene kuti chidutswa cha thabwa chalowa m'njira, tebulo latsalira ndi tizigawo 500 kwa sekondi imodzi. Popanda malire, `Ki` isonkhanitsa maampu 50, pomwe dilaivi imatha 8 okha. Chidutswacho chikachoka, tebulo limathamanga n'kupitirira patali, chifukwa mulu wa maampu uja uyenera kuyamba waphwasuka. N'chifukwa chake mzere wachiwiri wa pulogalamu ija uli ndi `clamp`, yoletsa zosonkhanitsidwazo kupitirira ampu imodzi. Malire amenewa akhale okwanira kugonjetsa kuuma kwa tebulo ndi katundu wanthawi zonse, osaposa pamenepo kwambiri. Ikaninso malire a mpata wololedwa, omwe mu LinuxCNC amalembedwa `FERROR`, kuti mota ikatsalira kupyola muyeso makina azime okha. Malire omwewa ndi omwe amakupulumutsani waya wa enkoda akaduka ntchito ili m'kati.

Owerenga mabuku a zaumisiri akumanapo ndi njira ya John Ziegler ndi Nathaniel Nichols, yomwe inatuluka mu 1942 pamene awiriwa ankagwira ntchito ku kampani ya Taylor Instrument ku Rochester, m'dziko la America. Njirayo imati mukweze `Kp` mpaka makina azigwedezeka osaleka, kenaka mutenge magawo 6 mwa magawo 10 a nambalayo, n'kupeza zinazo kuchokera ku nthawi ya kugwedezekako. Inakonzedwera zinthu za m'mafakitale monga kutentha ndi kuyenda kwa madzi m'mapaipi, ndipo imavomereza kupitirira kwakukulu. Pa mpeni womwe uli m'thabwa, kupitirira ndi bala losafufutika pachitseko cha kasitomala. Pamakina osema sindingailimbikitse.

Muyeneranso kudziwa mtundu wa dilaivi yanu. Ambiri a masiku ano ali ndi mizungulire itatu, umodzi m'kati mwa unzake: wa maampu m'katikati, wa liwiro pakati, wa malo kunja. Dilaivi ikakhala kuti ikuyang'anira yokha liwiro, ntchito ya mabuleki ija yagwiridwa kale, ndipo mzungulire wa malo umangofuna `Kp`, pomwe `Kd` imasiyidwa pa 0 kapena pafupi napo. Potero mumatchuna kuyambira m'kati kupita kunja. Manambala a m'nkhani ino ndi a makina athu oyerekezawa basi. Dilaivi ina imawerengera mpata m'mamilimita, ina m'madigiri, ndipo 0.02 wa pano akhoza kulembedwa 16 kwina pa kulimba komweko.

Pantchito yeniyeni kompyuta situma tebulo kudumpha. Imasuntha malo olamulidwawo pang'onopang'ono, kuwonjezera liwiro, kuyenda, kenaka kuchepetsa. Yesani mayendedwe amenewanso. Pamakina athu, kuwonjezera liwiro ndi mamilimita 500 pa sekondi m'sekondi iliyonse kumafuna maampu pafupifupi 3, ndipo `Kp` ya 0.02 singawapereke pokhapokha mpata utakula kufika pa tizigawo 150. Amenewo ndi mamilimita pafupifupi 0.2 pakona iliyonse. Kukweza `Ki` sikuthetsa zimenezi. Chothandiza ndi kupatsiratu mota maampu omwe tikudziwa kale kuti afunika, osadikira kuti mpata uoneke. Mu LinuxCNC manambala ake ndi `FF1` ya liwiro ndi `FF2` ya kuwonjezereka kwa liwiro. Mumakweza `FF2` mpaka zitunda za pagirafu, za ponyamuka ndi poima, zitaphwa.

Pali vuto limodzi lomwe nambala iliyonse singalione. Enkoda ili kumbuyo kwa mota, ndiye imadziwa za shafuti basi. Nati ya pasikuluwu ikatha n'kuyamba kugwedera ndi mamilimita 0.1, mota imazungulira tizigawo 80 nthawi iliyonse ikatembenuka tebulo lisanasunthe. Girafu imaoneka yokongola, mpata uli pa 0, koma bowo lomwe limayenera kukhala lozungulira limatuluka lili ndi timasitepe m'malo momwe tebulo limatembenukira. Lamba wolefuka ndi kachilumikizo kofewa nazo zimabweretsa kulira kwapamwamba mukangokweza manambala pang'ono. Kuti mudziwe, ikani geji ya wotchi patebulo lenilenilo, mulitume kutsogolo milimita imodzi, kenaka kumbuyo milimita imodzi, muone ngati singano yabwerera pomwe inali. Ngati sinabwerere, tsekani kompyuta mutenge sipanala: mangani kapena sinthani natiyo, kungani lamba, pakani girisi, ndipo mukatero mudzayambirenso pa `Kp`.